Kontirakiti itasainidwa, kodi abwana angasinthe maola ndi ntchito paokha?

Nkhani zotere zimayamba ndi pepala limodzi lomatidwa pachitseko cha ofesi, kapena ndi mawu ochepa a kapitawo nthawi yoweruka. Kuyambira Lolemba tiziweruka 7 koloko madzulo. Kuyambira mwezi wamawa inu muchoka pakauntala, muzikathandiza kotsitsa katundu. Palibe amene wafunsidwa maganizo. Anthu amangoyang'anana, kudandaula kwawo n'kukathera m'minibasi, ndipo Lolemba likafika onse amalawirira monga mwa masiku onse. Ambiri mwa iwo amakhulupirira ndi mtima wonse kuti amene amakulipira ndiye mwini nthawi yako, ndipo akhoza kuifupikitsa kapena kuitalikitsa mmene wafunira.

Malamulo a dziko la Malawi sanena choncho. Kontirakiti ndi pangano la anthu awiri, ndipo siginecha ya abwana imawamanga iwowo monga momwe siginecha ya wantchito imamangira wantchitoyo. Zimene awiri anagwirizana, mmodzi sangazisinthe payekha. Komabe ndisakunamizeni kuti nkhani yathera pamenepo, chifukwa abwana ali ndi mphamvu zenizeni zoyendetsera ntchito yawo, ndipo wantchito amene sadziwa pamene mphamvuzo zathera akhoza kuluza m'njira ziwiri: pokhala chete pamene anayenera kuyankhula, kapena pokana zimene anayenera kumvera.

Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000, m'gawo 27, limalamula wolemba ntchito amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo kuti apereke kwa wantchito aliyense chikalata chofotokoza mfundo za ntchito yake pasanathe mwezi umodzi chiyambireni ntchito. Pakati pa zimene ziyenera kulembedwamo pali malipiro ndi kawerengedwe kake, mtundu wa ntchito imene munthuyo azigwira, ndi maola ake a masiku onse. Gawo 36 limabwereza kuti maola ogwirira ntchito alembedwe m'kontirakiti. Apa m'pamene pagona nkhani yonse. Maola ndi mtundu wa ntchito si zinthu zimene abwana amapereka mwa chifundo chawo. Ndi mizati ya panganolo, pamodzi ndi malipiro. Munthu povomera ntchito amawerengera zinthu zitatuzi pamodzi: ndigwira chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji, ndilandira zingati. Mukasintha chimodzi mwasintha mtengo wa zonse.

Tiyerekeze mayi wina amene ndi kashiya m'sitolo yogulitsa katundu wopikulitsa ku Limbe. Wagwirapo zaka zisanu ndi ziwiri. Kontirakiti yake imati azigwira Lolemba mpaka Loweruka, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, ndi ola limodzi la nkhomaliro. Amenewo ndi maola 8 patsiku, 48 pasabata. Malipiro ake ndi K312,000 pamwezi. Tikagawa ndi masiku 26 ogwira ntchito tipeza K12,000 patsiku, kutanthauza K1,500 pa ola. Tsiku lina abwana alengeza kuti sitolo izitseka 7 koloko madzulo chifukwa ogula ambiri amabwera akaweruka, koma malipiro akhala momwemo popeza zinthu sizikuyenda bwino.

Pa mayiyu sitifunika n'komwe kutsegula kontirakiti, chifukwa lamulo lenilenilo laika malire amene ngakhale awiriwo atagwirizana sangawadumphe. Maola a masiku onse sayenera kupitirira 48 pasabata, kupatula ovataimu. Wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata maola ake a masiku onse ndi 8 patsiku. Ndiponso munthu sayenera kugwira masiku opitirira asanu ndi limodzi otsatizana popanda kupuma maola 24 athunthu. Mayiyu anafika kale pamalire. Maola awiri owonjezerawo sangasanduke maola a masiku onse chifukwa cha pepala la pachitseko. Ngati awagwira, ndi ovataimu, ndipo gawo 39 limati ovataimu ya tsiku wamba ilipidwe mtengo wa ola limodzi ndi theka lake. Kwa iye ndi K2,250 pa ola. Maola awiri patsiku kwa masiku 26 ndi maola 52, ndipo ndalama yake ndi K117,000 pamwezi. Abwana akamati malipiro sasintha, zimene akunena n'zakuti mayiyu azipereka kusitolo ndalama yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro ake mwezi uliwonse, osalandira kanthu. Akamuitananso Lamulungu, tsiku lake lopuma, kapena pa holide ya boma, mtengo wake umawirikiza kawiri, K3,000 pa ola.

Pamenepo mlandu ndi wosavuta. Umavuta abwana akasintha nthawi popanda kuwonjezera maola. Tinene kuti akuuza mayiyu kuti azilowa 11 koloko m'mawa n'kuweruka 8 koloko usiku. Maola akadali 8, sabata ikadali ya maola 48, ndipo palibe malire a lamulo amene adumphidwa. Abwana ambiri amaona ngati apa ali ndi ufulu wonse. Koma kontirakiti inati 8 mpaka 5. Kwa munthu wokhala ku Bangwe kapena ku Machinjiri, kuweruka 8 koloko usiku n'kusintha moyo wonse: minibasi zachepa ndipo mtengo wakwera, njira yochokera pasiteji ndi yamdima, ana alibe wowayang'anira. Izi n'zimene anaziganizira tsiku limene ankasaina. Ine ndimaona kuti anthu a m'maofesi amapeputsa kwambiri kusintha kwa mtundu umenewu, chifukwa pakompyuta pawo chiwerengero cha maola sichinasinthe. Kwa wantchito, nthawi imene maolawo agwera ndi yofunika chimodzimodzi ndi kuchuluka kwake, ndipo ngati inalembedwa m'pangano, kuisintha kumafuna chilolezo chake.

Nanga mphamvu za abwana zili pati? Zili pa kayendetsedwe ka ntchito imene munthu anavomera kale. Abwana akhoza kuuza kashiya kuti achoke pa thilo yoyamba apite pa yachitatu. Akhoza kubweretsa makina atsopano olandirira ndalama n'kumuphunzitsa kuwagwiritsa ntchito. Akhoza kusintha nthawi ya nkhomaliro kuti kauntala isakhale yopanda munthu, kapena kumupempha kuti athandize kuwerenga katundu pakutha pa mwezi. Zonsezi sizisintha ntchito ya ukashiya, zimangosintha kagwiridwe kake. Wantchito wokana malangizo otere akudziika pangozi, chifukwa gawo 59 limalola kuchotsa munthu ntchito popanda notisi ngati akana mwadala malamulo a abwana amene ndi ololeka komanso oyenera. Mawu awiri omalizawo ndi ofunika. Lamulo la abwana liyenera kukhala losaphwanya malamulo a dziko kapena pangano, ndiponso loti munthu woganiza bwino akhoza kuliona kuti n'lomveka.

Makontirakiti ambiri ali ndi kachiganizo kamene anthu amakadumpha powerenga, konena kuti wantchito azigwiranso ntchito zina zilizonse zimene angapatsidwe ndi akuluakulu ake, kapena kuti maola akhoza kusinthidwa malinga ndi zofuna za kampani. Kachiganizo kameneka kali ndi mphamvu ndithu. Ngati kontirakiti ya mayiyu inanena momveka kuti sitolo imayendera mashifiti ndipo akhoza kuikidwa pa shifiti ya madzulo, ndiye kuti chilolezo anapereka kale, ndipo dandaulo lake lafooka kwambiri. Koma kachiganizoka si chikalata chopanda malire. Ntchito zina zimene kakunena ndi zogwirizana ndi udindo ndi luso limene munthu analembedwera. Kashiya kuthandiza kulemba malisiti a katundu wolowa, n'zomveka. Kashiya kuchotsedwa pa thilo mpaka kalekale n'kupatsidwa ntchito yonyamula matumba a shuga kuchokera m'lole, imeneyo ndi ntchito ina, ya mphamvu zina, ndi ulemu wina pamaso pa anzake. Ngakhale malipiro asatsike, munthuyo watsitsidwa.

Kutsitsa munthu paudindo lamulo limakudziwa, koma limakuika pa malo ake. Gawo 56 limakutchula ngati chimodzi mwa zilango zimene abwana angapereke, pamodzi ndi kalata ya chenjezo ndi kuimitsa ntchito kwa kanthawi. Chilango chimafuna kuti pakhale cholakwa, ndipo chiyenera kulingana ndi cholakwacho. Ngati ndalama zinasowa pa thilo ya mayiyu, abwana amuuze mlandu wake, amve mbali yake, kenaka agamule. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chosiyana: munthu sauzidwa mlandu uliwonse, amangopezeka kuti wasamutsidwira pa ntchito yonyozeka, ndipo aliyense pamalopo amadziwa kuti cholinga chake n'chakuti atope, achoke yekha, kampani isalipire kanthu. Njira imeneyi ndi yankhanza, ndipo lamulo linaioneratu.

Gawo 60 limati wantchito ali ndi ufulu wothetsa kontirakiti popanda notisi ngati khalidwe la abwana lafika poti n'kosayenera kuyembekezera kuti apitirize ntchito. Ndipo gawo 58 limawerengera kuchoka kotereku ngati kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo. Kunena kwina, ngakhale kalata yosiya ntchito walemba ndi wantchito, lamulo limaona kuti amene wamuchotsa ndi abwana. Kudula malipiro popanda mgwirizano, kutsitsa munthu paudindo popanda mlandu, kapena kusintha maola kwakukulu kosemphana ndi pangano, zonsezi zikhoza kufika pamlingo umenewo.

Koma pano ndiyenera kuchenjeza. Pa milandu wamba yochotsedwa ntchito, gawo 61 limaika udindo pa abwana kuti aonetse chifukwa chimene anachotsera munthu. Pa mlandu wochoka wekha zinthu zimatembenuka: ndi wantchito amene ayenera kuonetsa chimene chinapangitsa kuti kupitiriza kukhale kosatheka. Si kusintha kulikonse kosasangalatsa kumene kumakwana. Munthu amene wasiya ntchito mwaukali chifukwa amusintha desiki kapena amuwonjezera kantchito kochepa akhoza kukapezeka kuti anangosiya yekha, ndipo sapata kanthu. Kusiya ntchito kukhale chinthu chomaliza, munthu atayesa zina zonse ndipo ali ndi mapepala m'manja.

Ngozi ina ili mbali inayo, ndipo ndi imene imagwetsa anthu ambiri kuno kwathu. Makolo anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika, ndipo ndi mmene tinakulira: wamkulu sumuyankha kuti ayi, umangoonetsa ndi nkhope kapena ndi kuchedwa kuti sunakondwe. Pa nkhani za kontirakiti kukana kotereku sikuwerengedwa. Ngati mayi wathu ayamba kuweruka 8 koloko usiku, mwezi woyamba, wachiwiri, mpaka chaka, akulandira malipiro osanena kanthu, abwana adzauza khoti kuti anavomera kusinthako ndi zochita zake. Ndipo khoti likhoza kuwamvera, chifukwa pangano limasinthika osati ndi siginecha yokha komanso ndi khalidwe la anthu awiriwo. Kudandaula kwa m'minibasi ndi kwa kunyumba sikusiya umboni.

Choyenera kuchita n'chosavuta, ngakhale chimafuna kulimba mtima. M'masiku oyambirira omwewo mayiyu alembe kalata yaifupi, yaulemu, yopita kwa abwana kapena kwa oyang'anira antchito. Atchule tsiku limene anauzidwa za kusinthako, atchule zimene kontirakiti yake imanena za maola, anene momveka kuti sakuvomereza kusinthaku, ndipo apemphe kuti akhale pansi akambirane. Aonjezere chiganizo chimodzi chofunika kwambiri: kuti apitiriza kugwira ntchito pamene nkhaniyi ikukambidwa, koma kutero sikutanthauza kuti wavomera. Asunge kope yake, ndipo ngati n'kotheka wolandira kalatayo asaine ndi kulemba deti. Kenaka azilemba m'kabuku nthawi imene walowa ndi imene waweruka tsiku lililonse, ndi kusunga mapepala a malipiro. Kalatayi imamuteteza mbali zonse ziwiri. Sangamunene kuti wajomba kapena wanyoza lamulo, popeza akubwera kuntchito, ndipo sangamunene kuti anavomera, popeza kukana kwake kuli papepala. Kalata yokha singakhale mpaka muyaya. Ngati abwana sayankha, nkhaniyo iyenera kupita patsogolo isanazizire.

Akamubweretsera kontirakiti yatsopano kuti asaine pomwepo, ali ndi chifukwa chokwanira chopempha kuti apite nayo kunyumba akaiwerenge. Akasaina, nkhani ya kusintha kopanda chilolezo yatha, chifukwa chilolezo chaperekedwa. Pamalo pamene pali bungwe la antchito, nthumwi yake ndiyo yoyamba kuuzidwa, makamaka ngati maola analembedwa m'mgwirizano wa pakati pa bungwelo ndi kampani, umene sungasinthidwe pokambirana ndi munthu mmodzimmodzi kuseri.

Ena adzati: ife tilibe kontirakiti yolembedwa. Antchito a m'nyumba, a m'magolosale ang'onoang'ono, a m'zigayo, ambiri anangogwirizana pakamwa. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu, ndipo malire a maola 48 ndi malipiro a ovataimu amawakhudza iwonso. Vuto lawo ndi umboni. Munthu amene analembedwa kuti azilera mwana kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kenaka n'kuuzidwa kuti azigona konko ndi kulima dimba Loweruka, ayenera kudalira zimene zakhala zikuchitika kwa miyezi kapena zaka, ndi anthu amene anaziona. Pamene abwana anali ndi udindo wopereka chikalata koma sanapereke, kusowa kwa pepala ndi kulakwa kwawo, osati kwa wantchito.

Ena amakumana ndi kusinthaku kampani ikagulitsidwa. Eni atsopano amabwera ndi mawu akuti zakale zapita, tiyambe zatsopano. Gawo 32 silivomereza zimenezo. Bizinesi ikasamutsidwira kwa mwini wina, makontirakiti a antchito amapita nayo limodzi, ndi maufulu ndi maudindo ake onse. Maola a 8 mpaka 5 amene mayiyu anagwirizana ndi mwini wakale amamanganso watsopano.

Tsopano tiime kumbali ya abwana, chifukwa si onse osintha maola amene ali ndi mtima woipa. Fakitale imene magetsi amazima masana ikhoza kufunikadi kugwira usiku. Sitolo imene malonda ake asamukira madzulo singapitirize kutseka 5 koloko chifukwa cha kontirakiti ya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. M'chaka cha 2020, nthawi ya mliri wa kolona, mahotela ndi malo ena ambiri anapezeka alibe ntchito yokwanira antchito awo. Lamulo silifuna kuti bizinesi ife chifukwa cha pepala. Limangofuna kuti kusintha kudzere pakhomo, osati pawindo. Abwana aitane antchito, afotokoze vuto lenileni, amve zimene kusinthako kudzawachite, ndipo aone chimene angapereke: galimoto yowatula usiku, ndalama ya mayendedwe, kasinthasintha wa mashifiti kuti usiku usagwere anthu omwewo, kapena nthawi yokonzekera. Akagwirizana alembe, onse asaine, ndipo ngati kusinthako n'kwa kanthawi atchule tsiku limene kudzathe. Gawo 31 la malamulo aakulu a dziko limapatsa munthu aliyense ufulu wochitiridwa mwachilungamo pantchito, ndipo sindiona mmene kusintha moyo wa munthu osamufunsa kungatchedwere chilungamo.

Wantchito adziwenso kuti kukana kuli ndi mtengo wake. Ngati vuto la abwana ndi loona, akambirana mokwanira, ndipo munthu akukanabe, gawo 57 limalola kuthetsa ntchito pa zifukwa za kayendetsedwe ka bizinesi. Koma njira imeneyo si yaulere. Wolipidwa pamwezi ayenera kupatsidwa notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro m'malo mwake, kuphatikizapo ndalama ya chipukutamisozi chothetsera ntchito imene gawo 35 limalamula. Ndipo nkhani ikafika kukhoti, ndi abwana amene ayenera kuonetsa kuti chifukwacho chinali chenicheni, osati chophimbira. N'chifukwa chake ena amasankha pepala la pachitseko: amawerengera kuti anthu achita mantha, avomera mwa kukhala chete, kapena achoka okha.

Zikakanika pamalo a ntchito, khomo loyamba ndi ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, imene ambiri amangoti ku leba. Kumeneko mkulu wa zantchito amaitana mbali zonse ziwiri n'kuyesa kuziyanjanitsa. Wantchito sayenera kudikira kuchotsedwa kuti apiteko. Dandaulo la ovataimu yosalipidwa kapena la kuphwanyidwa kwa pangano likhoza kukaperekedwa munthu akadali pantchito. Koma amene wachotsedwa, kapena wachoka chifukwa chokakamizika, asamale ndi nthawi: gawo 62 limapereka miyezi itatu kuchokera tsiku lochotsedwa kuti akadandaule. Ku leba akalephera kuthetsa nkhaniyo m'mwezi umodzi, ikhoza kupita ku khoti la zantchito, limene lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu.

Khotilo likapeza kuti munthu anachotsedwa mopanda chilungamo, likhoza kulamula kuti abwezeredwe pantchito yake, kuti alembedwe pa ntchito ina yofanana nayo, kapena kuti alipidwe chipepeso. Gawo 63 limaika mlingo wochepetsetsa wa chipepesocho malinga ndi zaka zimene munthu wagwira: malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse kwa amene sanapitirire zaka zisanu, a masabata awiri kwa amene wapitirira zisanu koma osaposa khumi, ndipo mlingowo umakwerabe kwa okhalitsa. Mayi wa ku Limbe, ndi zaka zake zisanu ndi ziwiri, ali pa masabata awiri pachaka, onse pamodzi masabata 14. Pa K72,000 pasabata ndi K1,008,000. Imeneyi ndi ndalama yoyambira chabe, khoti likhoza kupitirira poona zimene wataya, ndipo ovataimu imene sanalipidwe amaifunsa payokha, malinga ndi maola amene analemba m'kabuku kake. Ndalamayi si yochepa, koma milandu imatenga nthawi, ndipo pa nthawi yonseyo lendi ndi fizi sizidikira. N'chifukwa chake kwa mayiyu ndingalangize kalata yokana ndi ulendo wa ku leba akadali pa thilo yake, ndipo za gawo 60 aziganizire pokhapokha abwana atakana kukambirana.